Maso ofiira ndi zipumi zonyezimira pa zithunzi zakale za banja: zomwe zimakonzeka ndi zomwe sizibwerera

Banja likamakonzekera mwambo wovundukula chiliza, kapena likafuna kukuza chithunzi cha malemu choti lipachike pabalaza, nthawi zambiri chithunzi chimene chimapezeka m'chikwama cha pansi pa bedi chimakhala chojambulidwa usiku ndi kamera yaing'ono ya filimu. Maso a ana amaoneka ofiira ngati makala a moto, chipumi cha agogo chili mbuu, ndipo magalasi a amalume asanduka timabwalo tiwiri toyera. Apa anthu amagawanika: ena amati chithunzicho chinapsa ndipo palibe chochita, pamene ena amakhulupirira kuti pulogalamu ya pafoni ikonza zonse ndi batani limodzi. Onsewa akuphatikiza mavuto awiri amene anabadwa pa kung'anima kumodzi kwa fulashi koma ndi osiyana kwambiri. Kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi, loti kodi pansi pa chilemacho patsalabe chithunzi chenicheni kapena ayi.

## Kufiira kwa maso kumachokera kuti

Fulashi ndi nyali ya pakamera imene imang'anima kamodzi pojambula. M'chipinda cha mdima, kamwana ka diso, kutanthauza kabowo kakuda ka pakati pa diso, kamatseguka kwambiri kuti kalowetse kuwala kochuluka. Fulashi imawala kwa nthawi yochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, pamene diso limafuna nthawi yotalikirapo kwambiri kuti lichepetse kabowoko. Motero kuwala kumalowa pakhomo lotsegula, kumakagunda kumbuyo kwa diso kumene kuli timitsempha tambirimbiri ta magazi, kenako kumabwerera kunja kutatenga mtundu wa magaziwo. Kufiira kumene timakuona pachithunzi ndi mkati mwenimweni mwa diso la munthuyo.

Kuwalako kumabwerera pafupifupi njira yomwe kunadzera, monga zimachitira zikwangwani za pamsewu zikawalitsidwa ndi nyali za galimoto. N'chifukwa chake vutoli linkachuluka pa makamera ang'onoang'ono a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, amene fulashi yake inkakhala masentimita ochepa chabe kuchokera pa lenzi, galasi limene kamera imaonera. Wojambula wa ku situdiyo, amene nyali yake inkakhala pambali kapena pamwamba, sankakumana nalo kawirikawiri.

Si maso onse amene amafiira mofanana. Melanini, chinthu chimene chimadetsa khungu, chimapezekanso kumbuyo kwa diso ndipo chimameza gawo la kuwala. Pa anthu a khungu lakuda kufiirako kawirikawiri kumakhala kozimiririka, kokhala ngati njerwa yootcha kapena kofiirira chabe, ndipo kumaonekera kwambiri pa ana chifukwa kabowo ka diso lawo kamatseguka kwambiri mu mdima. Mfundo imeneyi ndi yofunika pokonza, popeza zida zambiri zongodina kamodzi zimafunafuna kufiira kowala, ndiye zikakumana ndi kufiira kozimiririka pakati pa khungu lofiirira, zimalephera kuliona diso kapena zimadetsa chikope m'malo mwake.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kufufutidwa mopupuluma. Ngati pa zithunzi za mwana wamng'ono amene ali nanu lero diso limodzi limaoneka loyera kapena lachikasu mobwerezabwereza pamene linalo ndi lofiira, mwanayo akaonedwe ndi dokotala wa maso msanga, chifukwa chimenechi chikhoza kukhala chizindikiro cha ng'ala kapena khansa ya m'diso ya ana. Nthawi zina ndi mmene kuwala kunalowera chabe, koma woweruza zimenezo ndi dokotala.

## Kunyezimira kuli mitundu iwiri

Mtundu woyamba uli m'chithunzi momwemo. Khungu lodzola mafuta kapena lotuluka thukuta limabweza kuwala kwa fulashi ngati madzi a m'beseni padzuwa, ndipo kuwala kobwerako sikutenga mtundu wa khungu, kumakhala koyera ngati nyaliyo. Pa nkhope yakuda kusiyana kwa malo onyezimira ndi khungu loyandikana nawo kumakhala kwakukulu, motero chipumi, mphuno ndi masaya zimaoneka ngati zapakidwa ufa. Mtunda nawo umawonjezera vutoli: munthu amene waima pa mita imodzi kuchokera pa fulashi amalandira kuwala kochuluka kanayi kuposa amene ali pa mamita awiri, ndiye amene anakhala kutsogolo amayera pamene a kumbuyo akumira mu mdima.

Mtundu wachiwiri mulibe m'chithunzi chakalecho, timauwonjezera tokha lero tikamachijambula ndi foni. Pepala la chithunzi ndi losalala ndi lonyezimira, kotero babu la padenga, windo kapena fulashi ya foni zimaonekera pamwamba pake. Kuzisiyanitsa n'kosavuta: gwirani chithunzicho m'manja n'kuchipendeketsa pang'ono. Kuyera kukasuntha, ndi kwa pamwamba pa pepala ndipo mankhwala ake ndi kujambulanso bwino. Kukakhala pomwepo, kuli m'chithunzi ndipo ndiko kofuna ntchito ya pakompyuta.

## Kutenga kope labwino

Zotsatira za ntchito yonse zimadalira kope limene mwayambira. Njira yabwino ndi sikana, makina okopera chithunzi n'kuchilowetsa m'kompyuta, amene amapezeka m'malo ambiri opangira fotokope. Pemphani kuti chithunzi wamba cha masentimita 10 ndi 15 achikope pa `600 dpi`, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, ndipo achisunge ngati `TIFF` kapena `PNG`, osati `JPEG` yopanikizidwa. Timadontho timeneti ndi timene timatchedwa mapikiselo, ndipo chithunzi chotere chimatuluka ndi mapikiselo pafupifupi 2,400 m'lifupi ndi 3,600 m'litali.

Chiwerengerochi sichongosangalatsa. Pa chithunzi cha gulu, nkhope imodzi ikhoza kukhala masentimita awiri m'lifupi, ndipo kamwana ka diso kamakhala pafupifupi milimita imodzi. Pa `600 dpi` milimita imeneyo ndi mapikiselo pafupifupi 24, okwanira kusankha ndi kukonza, pamene pa `300 dpi` ndi 12 okha, ndipo mbali ya kadonthoko imasakanikirana ndi diso lonse. Pa chifukwa chomwecho, wachibale amene akukutumizirani kope pa WhatsApp alitumize ngati `Document`, popeza chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa panjira.

Ngati sikana palibe, foni ikhoza kuthandiza. Zimitsani fulashi, ikani chithunzi pansi pakhonde pamene pali mthunzi masana, kuti kuwala kuzichokera m'mbali osati kumbuyo kwanu, ndipo foni ikhale pamwamba pake mowongoka, motalikirako pang'ono kuti chithunzithunzi cha manja anu chisaonekere. Pulogalamu ya PhotoScan, imene kampani ya Google inatulutsa mu 2016, imajambula kangapo foni ili pamalo osiyanasiyana n'kuphatikiza mbali zopanda kunyezimira. Imathandiza pa zithunzi za m'felemu, ngakhale kuti kope lake silikhala lakuthwa ngati la sikana. Fumbi lichotsedwe ndi kansalu kofewa kouma, madzi asafike pachithunzi, ndipo chithunzi chimene chamatirira ku galasi la felemu chisakokedwe, chijambulidwe chili pagalasi pomwepo.

Musanachoke pa chikwama cha zithunzi, yang'anani ngati muli manegetivu, timizere ta filimu tofiirira timene tinkabwera mu envelopu imodzi ndi zithunzi. Filimu ya negetivu ya mitundu imapirira kuwala kopitirira muyeso kuposa pepala, kotero chipumi chimene chayera mbuu papepala chikhoza kukhala ndi makwinya ake onse pa negetivu. Sikana wamba sakopa negetivu, pamafunika yokhala ndi nyali m'chivundikiro kapena malo otsukira zithunzi, koma pa chithunzi chokhacho cha malemu, ulendo umenewo ndi woyenera.

## Chithunzi chimodzi cha pa chinkhoswe

Tiyeni titenge chitsanzo cha chithunzi cha pa chinkhoswe cha m'ma 1990, chojambulidwa m'nyumba madzulo, negetivu yake inasowa. Kutsogolo kuli kamtsikana ka maso ofiira, pambali pake pali agogo aakazi a chipumi chonyezimira, ndipo kumbuyo kuli amalume ovala magalasi. Tigwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu yaulere ya pakompyuta, koma nzeru yake ndi yomweyo m'mapulogalamu ena.

Chofunika kudziwa n'chakuti pikiselo iliyonse imasungidwa ndi manambala atatu, la kufiira, la kubiriwira ndi la buluu, amene pakompyuta amalembedwa `R`, `G` ndi `B`, lililonse kuyambira 0 mpaka 255. Onse akakhala 0 ndiye mdima, onse akakhala 255 ndiye kuyera kotheratu. Chida cha `Color Picker` chimakuonetsani manambalawa pamalo aliwonse amene mwadina mutagwira `Shift`, ndipo ndicho chiyenera kukhala choyamba kugwiritsidwa ntchito, musanafufute kapena kupaka chilichonse.

Poyamba pangani kope la leya, ndiko kuti pepala lachiwiri la chithunzi chomwecho losanjikizidwa pamwamba pa loyamba, kudzera pa `Layer > Duplicate Layer`, kuti choyambirira chikhale chosakhudzidwa. Kenako konzani mtundu wa chithunzi chonse. Zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zinafiirira chifukwa utoto wa mitundu itatu wa m'pepala suzilala pa liwiro limodzi, ndipo mukayamba ndi maso chithunzi chonse chili chofiirira, simungadziwe pamene kufiira kwa diso kwathera. Mu `Colors > Levels` muli kachida kosankhira malo otuwa. Dinani pa chinthu chimene mukudziwa kuti sichinali ndi mtundu, monga mthunzi wa pa malaya oyera, ndipo chithunzi chonse chiwongoka.

## Kukonza maso a kamtsikana

Kuzani chithunzi mpaka `400%` ndipo yezani pakati pa diso. Tiyerekeze kuti mwapeza `R` 190, `G` 45 ndi `B` 40. Manambalawa akufotokoza nkhani yonse: kubiriwira ndi buluu zili pansi, monga ziyenera kukhalira pa kabowo kakuda, ndipo chimene chasokonekera ndi kufiira kokha. Diso lenileni likadali m'chithunzi, losungidwa m'manambala awiri mwa atatuwo, ndiye ntchito yathu ndi kutaya nambala yowonongekayo n'kuika ina yochokera kwa awiri abwinowo.

Sankhani kamwana ka diso ndi `Ellipse Select`, mutatsegula `Feather edges` pa mapikiselo awiri kapena atatu kuti m'mphepete musakhale ngati modulidwa ndi lumo. Kenako tsegulani `Colors > Components > Channel Mixer`, ndipo pa gawo la kufiira ikani motere:

```
Red in Red channel:    0.0
Green in Red channel:  0.5
Blue in Red channel:   0.5
```

Apa mwauza pulogalamu kuti nambala yatsopano ya kufiira ikhale theka la kubiriwira kuphatikiza theka la buluu. Pa diso la kamtsikana kaja, 190 imatsika kufika pafupifupi 42, ndipo kadontho kamakhala kakuda mofewa, osati bii ngati inki. Ubwino waukulu wa njirayi umaonekera pa kanyenyezi koyera kamene fulashi imasiya pamwamba pa diso. Kanyenyezi kameneko manambala ake onse atatu ali pamwamba, mwina 250, 248 ndi 245, ndiye theka ndi theka limapereka pafupifupi 246 ndipo kamakhalabe koyera. Ndi kanyenyezi kameneka kamene kamachititsa diso kuoneka lamoyo. Amene amapaka utoto wakuda ndi bulashi amakafufuta, ndipo mwanayo amatsala ndi maso ngati a chidole.

Anthu ambiri amayesa kungochotsa mtundu ndi `Desaturate`, koma njira imeneyo imasakanizabe nambala yowonongeka ija, kotero diso limatuluka lotuwa, penapake pakati pa 75 ndi 190 malinga ndi kawerengedwe kamene mwasankha, ndipo limaoneka ngati la munthu wodwala ng'ala. GIMP ilinso ndi `Filters > Enhance > Red Eye Removal`, monganso Photoshop ili ndi `Red Eye Tool`, ndipo pa maso ofiira mowala zimagwira bwino, bola musankhe diso lokha kaye. Mukazitsegula pa chithunzi chonse, milomo ndi chitenje chofiira cha pambali zimada nazo limodzi.

Mukamaliza, bwererani pa `100%` n'kuyang'ana zinthu ziwiri. Ngati patsala kamzere kofiira kozungulira kadontho kakuda, ndiye kuti munasankha malo ochepa, ndipo mubwereze mutakulitsa ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri. Ngati diso lonse lada ngati nkhululu, ndiye kuti munalowerera m'mbali yofiirira yozungulira kamwana ka diso, imene ili ndi kufiira kwake kwachibadwa. Pa maso akuda malire amenewa ndi ovuta kuona, ndipo ndimaona kuti ndi bwino kuperewera pang'ono kusiyana ndi kupitirira, chifukwa kufiirira kochepa m'mphepete palibe amene amakuzindikira pa chithunzi chosindikizidwa.

Njirayi imalephera pamene diso lawala mpaka lachikasu kapena loyera, mwachitsanzo `R` 255, `G` 210, `B` 150, chifukwa apo manambala onse awonongeka. N'chimodzimodzi ndi maso a galu kapena mphaka, amene ali ndi kachikopa konyezimira kumbuyo kwa diso ndipo amawala mobiriwira kapena mwachikasu. Pamenepo palibe chochitira mwina koma kupaka kadontho kakuda pa leya yatsopano, n'kubwezerapo kanyenyezi koyera pamalo ofanana ndi a m'maso mwa anthu ena a pachithunzi chomwecho.

## Chipumi cha agogo

Yezaninso ndi `Color Picker`, ulendo uno m'malo angapo, kuchokera m'mphepete mwa kunyezimira mpaka pakati pake. Tiyerekeze kuti khungu labwino la pafupi ndi tsitsi lili pa 120, 82 ndi 60, m'mphepete mwa kunyezimira muli 205, 185 ndi 175, ndipo pakati penipeni pali 246, 245 ndi 243. Yerekezani manambala a pakatiwa ndi a malo oyera kwambiri pachithunzicho, monga mpendero woyera wa pepala ngati ulipo. Akafanana, ndiponso akakhala osasintha mukamasuntha pang'ono, ndiye kuti pamalopo ndi pepala lopanda utoto. Palibe khwinya kapena kadontho ka khungu kamene kabisala pamenepo, ndipo mukayesa kudetsa ndi `Curves` mumangopeza banga lotuwa ngati phulusa. M'mphepete ndi mosiyana, chifukwa manambala akadali osiyana ndipo kufiira kuli pamwamba pa buluu monga zilili pa khungu, ndiye pamenepo pali chopulumutsa.

Njira yodalirika ndi iyi. Chotsani kaye malo amene munasankha pa diso kudzera pa `Select > None`, kenako pangani leya yatsopano yopanda kanthu ndipo `Mode` yake muiike pa `Darken only`, zimene zikutanthauza kuti utoto umene mupake ugwira pokhapo pamene chithunzi cha pansi chili chowala kuposa utotowo. Nsidze, tsitsi ndi mithunzi ya makwinya sizikhudzidwa. Ndi `Color Picker`, mutatsegula `Sample merged`, tengani mtundu wa khungu kuchokera pafupi ndi pamalo onyezimira, koma musankhe mbali yowalako, osati ya mumthunzi wa pansi pa chibwano. Ndi bulashi yofewa, `Opacity` yake ili pa 10 kapena 15, pakani mobwerezabwereza kuchokera m'mphepete kulowera pakati, monga mmene amazirira nyumba ndi dothi lamadzimadzi, kangapo mopyapyala osati kamodzi mochindikala. Mtundu muzitenganso mwatsopano mukasamukira mbali ina ya nkhope, popeza tsaya ndi chipumi sizifanana.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kufafaniza kunyezimira konse. Chipumi ndi chozungulira, ndipo diso la munthu limadziwa zimenezo chifukwa cha kuwala kumene kuli pamwamba pake. Mukakuchotsa, nkhope imaphwatalala ngati yojambulidwa pakhoma la golosale. Cholinga ndi kutsitsa pakati paja kuchoka pa 246 kufika penapake pa 170 kapena 180, kuti pakhalebe powala kuposa khungu lozungulira. Mukapitirira, chepetsani `Opacity` ya leya yonse mpaka 60 kapena 70.

Patsala chinthu chimodzi chimene chimaulula kuti chithunzi chakhudzidwa. Chithunzi cha filimu chili ndi timchenga tating'ono paliponse, pamene utoto wa pakompyuta ndi wosalala ngati pulasitiki. Pa leya yopakidwayo onjezerani timchenga pang'ono kudzera pa `Filters > Noise > HSV Noise`, mukuyerekeza ndi tsaya loyandikana nalo chithunzi chili pa `100%`. Pa timalo tating'ono monga nsonga ya mphuno, chida cha `Heal`, mutatsegula `Sample merged`, chimabwereka maonekedwe a khungu la pafupi ndipo chimagwira ntchitoyi mwachangu.

## Magalasi a amalume

Apa ndi pamene kukonza kumathera ndipo kupeka kumayambira. Ngati kunyezimira kwaphimba ngodya ya galasi koma diso likuoneka, `Heal` kapena `Clone` imachotsa bangalo popanda vuto. Ngati galasi limodzi layera lonse, akatswiri ena amakopa diso linalo, kulitembenuza n'kuliika pamalopo. Zimatheka, koma maso awiri a munthu safanana ndendende, ndipo kanyenyezi koyera kaja kamagwera mbali yolakwika, kotero amalume amaoneka ngati a maso opingasa mpaka mutakasuntha. Ngati magalasi onse awiri ayera, diso lililonse limene lingaikidwe pamenepo ndi lobwereka, kaya kuchokera pa chithunzi china cha munthu yemweyo kapena lopekedwa ndi mapulogalamu a pafoni amene amakonza nkhope okha. Mapulogalamu amenewa amatulutsa nkhope yakuthwa ndi yokongola, koma amadzaza malo osowawo ndi maonekedwe amene anaphunzira pa nkhope za anthu ena, ndipo si zachilendo kuti ana a malemu aione n'kunena kuti bambo awo si amenewo.

Mabanja amasiyana pa nkhaniyi. Ena amafuna nkhope yathunthu yopachika pakhoma ngakhale mbali ina ikhale yobwereka, ena amafuna chithunzi chikhale monga tsikulo linalili, ndipo maganizo onsewa ali ndi chifukwa chake. Pa chithunzi cha chinkhoswe chimenechi, pamene magalasi onse awiri ayera, njira yapakati ndi kungotsitsa kuyerako ndi leya ya `Darken only` mpaka kukhale kotuwa, kuti kusamakope maso a woonera kuchoka pa anthu ena a pachithunzicho, n'kusiya magalasiwo opanda maso opeka.

Pomaliza sungani mafayilo atatu: kope la sikana losakhudzidwa, ntchito yanu ya mu GIMP ngati `XCF` kuti maleya asatayike, ndi kope lomalizidwa lotulutsidwa kudzera pa `File > Export As` ngati `JPEG` ya `Quality` 95 yopita nayo kosindikiza. Musanalipire chachikulu chopachika, sindikizani chaching'ono kaye n'kuchiyang'ana panja masana, chifukwa pepala limadetsa mbali za mdima kuposa mmene zimaonekera pakompyuta, ndipo chipumi chimene chimaoneka bwino usiku pa sikirini chikhoza kutuluka ndi banga looneka malire ake.